Kukhosi kuyabwa, chifuwa chosatha: tiyang'ane kukhitchini

"Ndimaphikira nkhuni m'kakhitchini kopanda zenera. Patha miyezi 4 kukhosi kukundiyabwa, ndikutsokomola chifuwa chouma, makamaka madzulo. Bakitirimu ndamwa kawiri koma palibe chasintha. Nditani?"

Mayi, musanachite china chilichonse, pitani kuchipatala akayeze makhololo. Chifuwa chikapitirira masabata 2 timayamba taonetsetsa kuti si chifuwa chachikulu, ndipo kuzipatala za boma amayeza mwaulere. Ngati mukuonda, mukutuluka thukuta usiku kapena mwaona magazi m'makhololo, musadikire mawa. Bakitirimuyo msiyeni. Amapha tizilombo, koma utsi si kachilombo.

Akakuuzani kuti mulibe, ine ndingakayikire kakhitchini kanuko. Yang'anani kudenga kwake. Mwaye wakuda umene wamatirira pamenepo ndi tizidutswa ta utsi, ndipo tating'onoting'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, timalowa nanu m'chifuwa mukamapuma. M'njira ya mpweya muli timaubweya timene timakankhira zinyalala kumtunda kuti zituluke. Utsi wa tsiku ndi tsiku umatifooketsa, kukhosi nkutupa pang'ono, mpaka kumangodzidzimuka ndi chilichonse, ngakhale kamphepo kozizira. Nchifukwa chake mumatsokomola madzulo moto utazima kale.

Mungadziyese nokha. Kwa masabata 2 kapena 3 phikirani panja kapena pakhonde, mutakhala mbali imene mphepo ikuchokera. Chifuwa cha utsi chimayamba kuchepa, ndipo chimabwerera mukabwerera m'kakhitchini muja. Chikapanda kusintha, kapena m'chifuwa mukamalira ngati kambalame, bwererani kwa adokotala aone ngati si mphumu.

Utsi woipitsitsa ndi wa poyatsa, moto usanakolere, nthawi imene mumawerama nkumauzira nkhope ili pamafuwa penipeni. Kupizani ndi chivundikiro mutatalikira. Nkhuni zaziwisi zimafuka kwambiri chifukwa moto umayamba waumitsa madzi ake usanaziotche bwino, choncho ziwazeni zikhale zing'onozing'ono, ziume, ndipo nyengo ya dzinja muzisunge pansi pa denga. Kuyatsira jumbo kapena zidutswa za matayala ndiye ayi ndithu, ngakhale ndikudziwa kuti moto wake sukanika. Chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa, koma musaganize kuti yathetsa utsi. M'nyumba yotseka imatsamwitsabe. Boolani zenera mbali ziwiri za kakhitchiniko, lina likhale m'mwamba pafupi ndi denga poti utsi umakwera.

Makala nawo amanyenga. Akayaka bwino utsi suoneka, koma amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nthawi yozizira.

Fumbi limangowonjezera pabala lomwelo, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala. Wazani madzi pabwalo musanasese, ndipo popeta chimanga kapena kuchigayo valani masiki. Mwana amene mumabereka pophika amapuma utsi womwewo ndi mapapo aang'ono, choncho mpatsireni wina amugwire kufikira moto utakolera.