Kukumbutsa kasitomala ngongole popanda kudana naye

"Ndinasokera kampani ina ya alonda ku Graniteside, mumzinda wa Harare, mayunifomu 60, invoisi ya US$1,200. Tinagwirizana masiku 30, pano padutsa milungu itatu kuchokera tsiku lolipira. Ndi kasitomala wanga wamkulu, ndimukumbutse bwanji?"

Achemwali, musanalembe uthenga, fufuzani kaye pamene invoisiyo yaima. M'kampani, woitanitsa katundu ndi wolipira amakhala anthu awiri osiyana. Bwana wa alonda amene anatenga mayunifomu mwina akuganiza kuti munalandira kalekale. Imbirani ku ofesi ya za ndalama Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, mufunse zitatu: invoisi inafika? Inasainidwa? Pali pepala lomwe likusowa?

Funso lachitatulo ndiye lenileni. Kawirikawiri chosowa chimakhala nambala ya oda, pepala losainidwa polandira katundu, kapena ITF263, satifiketi yanu ya msonkho yochokera ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho ku Zimbabwe. Ikakhala yotha ntchito, kampani imayenera kudula 30 peresenti ya msonkho, ndiye pa ndalama yanuyi ndi US$360. Akalaliki ena amangoika invoisi yotere pambali osakuuzani.

Mukatha kuyankhulana, tumizani uthenga tsiku lomwelo, invoisi ikhale pomwepo kuti asavutike kuifuna:

"Mwaswera bwanji bambo. Ndikukumbutsako za invoisi nambala 014 ya US$1,200, ya mayunifomu 60, yomwe inayenera kulipidwa pa 30 Juni. Chonde ndiuzeni tsiku lomwe malipiro atuluke. Zikomo chifukwa cha ntchito yomwe mumatipatsa."

Musapepese, ndipo musafotokoze za lendi kapena fizi ya ana. Mukatero zimaoneka ngati mukupempha chithandizo, pomwe ndi thukuta lanu. Mawu akuti "tikonza posachedwa" musawalandirenso. Funsani mwaulemu kuti Lachisanu liti.

Akanena kuti ndalama zavuta, apo ndiye pamasungika ubale. Apatseni njira: US$600 sabata ino, US$300 pa 15, yotsala kumapeto kwa mwezi. Ayankhe polemba kuti avomera, ngakhale pa WhatsApp. Kuno ku Zimbabwe ngongole wamba imafa pakatha zaka 3, koma wangongole akaivomereza, zakazo zimayambanso kuwerengedwa. Mugwirizanenso za mtundu wa ndalama. Invoisi ya madola ikalipidwa mochedwa mu ZiG, ndalama ya dziko lino, mkangano umabuka pa mtengo wosinthira, choncho lembani kuti mutsatira wa tsiku lolipira. Ine ndimaona kuti chiwongoladzanja chomwe simunagwirizane poyamba ndi bwino kuchisiya panopa, chimangoutsa mkwiyo.

Pakadutsa masiku 7 ali chete, pitani nokha ndi mapepala onse, mukayankhule nawo muofesi, osati pamaso pa antchito awo. Dzina la kampaniyo musalitchule pagulu. Kalata yowapatsa masiku 14 musanapite kukhoti ibwere pambuyo pa zonsezi. Akabwera ndi oda yatsopano muilandire ndithu, koma nsalu mudule ngongole yakale ikalipidwa, ndipo apereke theka la mtengo poyambirira.