Hawayu si malonje

"Ndili ku Mangalande, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Anzanga akuntchito amandifunsa kuti hawayu, koma ndisanayankhe n'komwe amakhala atadutsa kale. Tsiku lina ndinafotokozera bwana wanga za msana umene ukundivuta, iye n'kumangoyang'ana pawotchi. Kodi anthu amenewa ndi amwano, kapena wolakwa ndine? Ndiziyankha bwanji?"

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinaseka ndekha. Sindimaseka inu ayi, koma mwanditokosa pachilonda chakale. Ine hawayu yemweyu anatsala pang'ono kundiphetsa munthu.

Nditalemba mayeso a Fomu 4, ndikudikira zotsatira, ndinapeza ganyu yomasulira pachipatala china cha mishoni kwathu. Kunabwera dokotala wachizungu wodzakhala miyezi yochepa, Chichewa osadziwa ngakhale moni. Ntchito yanga inali kumulondola pambuyo m'mawa uliwonse akamayendera odwala. Ndinkadzimva kwabasi, malaya opisira, cholembera pathumba ngati ndine kalaliki wa kwa DC.

M'wodi ya abambo munali mdala wina amene anali atachitidwa opareshoni ya pamimba dzana lake. Dokotala anaima pabedi lawo, faelo m'manja, n'kunena kuti, "Hawayu tudeyi?" Ine mosachedwa: "Akuti muli bwanji lero?" Mdala uja anadzikoka kuti adzuke pang'ono, anaphatikiza manja mwaulemu, n'kuyankha chapansipansi kuti, "Ndili bwino pang'ono, kaya iwo?" Ine ndinatembenukira kwa dokotala n'kumuuza kuti akuti ali fayini. Pang'ono uja ndinamumeza, ndinkaona ngati ndi mawu ongokometsera. Dokotala anayang'ana bandeji, analemba timawu tiwiri, tinapita pabedi lina.

Tikutuluka, mayi amene ankawadikirira, omwe nthawi yonseyi anali phee pansi pambali pa bedi, ananditsatira mpaka pakhonde. "Mwanawe, adokotala aja abweranso? Abambowa chichokere dzulo sanatayepo madzi, chinena chatupa, usiku wonse amangobuula." Ndinawafunsa mokhala ngati ndikuwakalipira kuti nanga bwanji sananene adokotala ali pompo. Anandiyang'ana modabwa. "Anawafunsa ngati? Si anangowapatsa moni?"

Namwino wamkulu ndiye anapulumutsa zinthu. Anawaika kapaipi, mkodzo unatuluka wodzaza thumba, mdala uja n'kupumira m'mwamba. Kenako anandikokera pakona. Sanakweze mawu, koma ndinalakalaka pansi patang'ambika. Anati pabedi la wodwala sitifunsa kuti muli bwanji, timafunsa kuti mwagona bwanji, mukupeza bwanji, m'thupi mukumva bwanji, ndipo munthu wamkulu akati pang'ono, iwe khala pansi chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Tsiku limenelo ndinalakwa pawiri, ndipo kulakwa konseko kunachokera pomasulira liwu ndi liwu. Koyamba, hawayu wa dokotala ataima pabedi linali funso lenileni, lofuna yankho la m'thupi. Ine ndinalisandutsa moni. Ndipo Mchewa ukamupatsa moni amabweza moni. Kuyamba kudandaula za chikhodzodzo usanafunse mnzako kuti kaya inu, n'kupanda mwambo, ngakhale ululu utafika pamtima. Mdala uja sananame, anayankha zimene ndinamufunsa. Kachiwiri ndi pang'ono uja. "Ndili bwino pang'ono" satanthauza kuti ubwino ulipo koma ndi wochepa. Amatanthauza kuti sindili bwino, koma sindingakulandireni ndi madandaulo, funsaninso. Chimodzimodzi "tadzukako", "choncho", "tikuyesera". Ndi chitseko chimene munthu wachisiya chosatseka kuti ulowe ngati uli ndi khutu.

Tsono zanuzo ndi zomwezi, kungoti zatembenuzika. Ine ndinatenga funso n'kuliyesa moni, inu mwatenga moni n'kuuyesa funso. Hawayu wa pakhonde, munthu akuyenda, tileyi ya mankhwala m'manja, mnzake weniweni m'Chichewa si "muli bwanji". Ndi "wawa", kapena "zikomo" amene timanena tikamapatukirana panjira yopita kudimba. Tangoganizani, mwakumana ndi munthu wasenza mtolo wa nkhuni, wanena kuti zikomo, inu n'kumuimika kuti mumufotokozere za msana. Nayenso akhoza kuyang'ana dzuwa. Ku Mangalandeko mumvanso akuti "yu olaiti?", ndipo Mmalawi wongofika kumene amadzidzimuka, kuyesa kuti akuoneka wodwala kapena wavala chovala chotembenuza. Ayi, ndi wawa yemweyo.

China chimene chimandiseketsa: iwo akati "noti tu badi", liwu ndi liwu ndiye kuti sizinaipe kwambiri, ndipo khutu lathu limamva ngati ndi m'bale wake wa "bwino pang'ono". Pamene munthuyo ali bwinobwino, mwina wakondwa kumene. Mawu ofanana nkhope, mitima yosiyana. Wathu ndi wodwala amene akubisa, wawo ndi wamoyo amene sakufuna kudzitama.

Mlandu waukulu ndimauika pa mmene tinaphunzirira kupulayimale. Aphunzitsi akalowa tonse nji kuimirira, n'kuimba pamodzi kuti "wi a fayini, thankyu ticha", ena tili ndi malungo, ena sitinadye chilichonse. Pabolodi n'kutilembera Chingerezi uku, Chichewa uku, ngati ndi masamu: hawayu ndi muli bwanji, basi. Palibe anatiuza kuti Chingerezi chili ndi liwu limodzi logwira ntchito zimene ife tinagawira mawu ambirimbiri. Ife m'mawa ndi mwadzuka bwanji, masana ndi madzulo mwaswera bwanji, mlendo mwayenda bwanji, wodwala mukupeza bwanji, ndipo "muli bwanji" weniweniyo amakhalira bwino munthu amene simunaonane naye masiku angapo. Mkazi wako wam'nyumba utadzuka m'mawa n'kumufunsa kuti muli bwanji, akhoza kukufunsa kumene wagona.

Ndipo ndikane pano zimene ndimamva kawirikawiri kwa abale athu ali kunja, zoti ife timafunsa kuchokera pansi pa mtima pamene azungu amangofunsa mwachinyengo. Bodza limenelo. "Muli bwanji" wathu nayenso si funso. Ndi angati mwa ife anayankhapo kondakitala wa minibasi kuti sindili bwino? Kusiyana kwake n'kwakuti ife timaima, timabweza, ndipo tili ndi malo ake a nkhani yeniyeni, omwe ndi malonje. Mlendo amati odi, amamuyalira mphasa, amapuma kaye, eni khomo amabwera mmodzimmodzi kudzamupatsa moni, onse ali bwino, iyenso ali bwino. Ndiyeno wamkulu amafunsa kuti kaya kumene mwachokera mwasiyako bwanji. Apo ndi pamene zimatuluka: "Kumudzi kuli bwino ndithu, koma mwana wa achemwali ndiye wagona masiku atatu." Nkhani yonse imakwera pamsana pa "koma" ameneyo. Inu munapereka malonje pamalo a wawa, ndipo ngakhale ku Dedza zikanaoneka zachilendo.

Izitu si za Chingerezi chokha. Myao akafuna kukulemekeza amati "ali uli?", liwu ndi liwu ndiye kuti ali bwanji, ngati akufunsa za munthu wina amene palibe, ndipo wosadziwa amacheuka kufuna kuona amene akunenedwayo. Koma nafenso timatero ndi apongozi, ndipo mdala wanga uja anati "kaya iwo" dokotala ali pamaso pake. Amene anakhalako ku Joni akudziwa kuti Mzulu ukamufunsa kuti unjani amayankha kuti ngikhona, ndilipo. Mshona nayenso amati ndiripo. Kunena kuti "ndilipo" m'Chichewa, makamaka mokoka mawu, kumamveka ngati munthu wangotsala mpweya wokha, pamene kwa iwo ndi yankho la tsiku ndi tsiku. Mswahili kawirikawiri safunsa za thupi, amafunsa nkhani, habari, ndipo yankho lake ndi nzuri, zabwino, kaya nyumba yapsa.

Popeza muli kunja, mwina muli ndi ana, ndiye ndinenenso ichi. Mdzukulu wa malume anga, wobadwira komweko, anabwera kumaliro a agogo ake aamuna. Anamuphunzitsa Chichewa cha pafoni, mawu asanu. Analowa m'nyumba ya siwa, anapita kwa agogo ake aakazi atakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, n'kunena mokweza, akumwetulira, kuti, "Uli bwanji agogo?" Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje. Mwanayo sanalakwe, m'mutu mwake ankamasulira mawu amene kwawoko munthu akhoza kufunsa wofedwa mwachifundo. Koma Chingerezi chilibe iwe ndi inu, ndiye "uli" anamutulukira yekha, ndipo palibe anamuuza kuti kwa anamfedwa sitifunsa funso limene yankho lake lili m'bokosi. Timagwada, timagwirana chanza, timati pepani, n'kukhala pansi.

Ndiye muziyankha chiyani?

Munthu akakufunsani akuyenda, yankhani mukuyenda: "gudu, thankisi, yu?" Mawu atatu, osaima. Akati "yu olaiti?" mukhoza kungobweza mawu omwewo. Ngati tsiku lakuipirani ndipo simukufuna kunama, nenani kuti mwatopa, museke pang'ono, wofuna kumva adzaima yekha. Chizindikiro chakuti moni wasanduka funso n'chakuti munthuyo waima kapena wakhala pansi, wakutchulani dzina, wafunsa kachiwiri. Nthawi zambiri zimachitika pa tiyi, ndipo malonje awo ndi amenewo.

Za msana musazikoloweke pa moni. Pemphani bwana wanu mphindi zisanu, mukhale pansi, muyambe ndi nkhaniyo mosazungulira: msana ukupweteka chiyambire tsiku lakuti, umakula ndikamadzutsa okalamba pabedi, ndikupempha chakuti. Pantchito ngati yanuyo imeneyo ndi nkhani ya ntchito, osati kudandaula. Ndipo mukapite kwa dokotala. Iye akakufunsani hawayu mutakhala pampando, chitseko chili chotseka, musakayankhe ngati mdala wanga uja. Mukayambe ndi tsiku limene msanawo unayamba kupweteka.