Ziganizo zitatu pa tsiku

"Anzanga olemba, ndinkalemba mawu 1,000 m'mawa uliwonse. Pano ndili ndi khanda, kuntchito nakonso kwandipanikiza, ndipo patha milungu itatu osalemba kanthu. Kodi ndiyambe ndasiya kaye mpaka zinthu zidzakhale bwino?"

Musasiye mayi, ingotsitsani mlingo. Wa 1,000 uja munaika mukuyang'ana tsiku labwino. Tsopano ikani wina woti mungaukwanitse ngakhale mwana atalira usiku wonse.

Ine ndinasiyapo, ndiye ndikudziwa mtengo wake. Buku langa lili pakatikati ndinaliika pambali miyezi iwiri. Pobwerera ndinapeza kuti nkhani yandithawa m'mutu. Sindinkakumbuka kuti mtengambali uyu akudziwa chiyani, uyo wabisa chiyani, ngakhale kayankhulidwe kawo kanali katandichoka m'khutu. Ndinatha masiku khumi ndikungowerenga zomwe ndinalemba ndekha, ndisanaonjezere liwu ndi limodzi lomwe.

Ulendo wachiwiri ndinali kudwazika mayi anga miyezi itatu. Ndinadziikira ziganizo zitatu pa tsiku, mawu ngati 40, pa foni, akangogona. Pa masiku 90 amenewo ndi mawu 3,600, omwe kale ndinkalemba m'masiku ochepa chabe. Koma cholinga sichinali kuchuluka. Kuti ulembe ziganizo zitatu, uyenera kuwerenga kaye ndime ya dzulo, ndipo kuwerengako n'komwe kumasunga nkhani ili yofunda. Ndikamaliza ndinkasiya kamzere pansi, monga "mawa: apeza kalata m'thumba la jekete", kuti mphindi zisanu zamawa zisathere poganiza poyambira.

Pomwe ambiri timagwera ndi pa tsiku labwino. Mwana wagona bwino, mwalemba mawu 600, basi mtima wayamba kunena kuti amenewo ndiwo mlingo. Mawa lake ziganizo zitatu zikuoneka zochititsa manyazi, ndiye simulemba n'komwe. Tsiku lotero lembani mmene mungathere, koma mlingo ukhale pomwepo. Ngongole nayonso ayi: mukaphonya Lachiwiri, Lachitatu ndi zitatu zomwezo, osati zisanu ndi chimodzi. Mukaona kuti mwaphonya kawiri pa mlungu umodzi, musadzidzudzule, ndiye kuti mlingowo ukadali pamwamba. Tsikirani pa chiganizo chimodzi.

Ndisakunamizeni, pali ntchito yomwe siitheka motere. Kusuntha mitu kapena kukonza buku lonse kumafuna maola angapo mutakhala phee. Zikakubwererani zotero, zilembeni pa tsamba lina zidikire. Komanso zolemba za apa ndi apo zimatuluka zoduka-duka. Zanga zija ndinataya pafupifupi theka pokonza, koma mutuwo ndinaupitiriza tsiku lomwelo lomwe ndinapeza mpata.

Mwana akadzayamba kugona nthawi yodziwika, kwezani pang'onopang'ono, mwina mawu 150 kwa milungu iwiri, kenako 300. Usiku uno tsegulani pomwe munalekezera, muwerenge ndime yomalizayo, mulembe zitatu.