Mwezi wotsiriza mwambo wosonkhanitsa ndalama usanachitike

Funso: "Kwatsala mwezi umodzi kuti tichite mwambo wosonkhanitsa ndalama za m'dera mwathu. Tiyambe chiyani, ndipo ndani achite chiyani?"

Choyamba, ntchito iliyonse ikhale ndi mwini wake mmodzi, dzina lake lilembedwe pambali pa tsiku lomalizira. Mukalemba kuti "komiti", dziwani kuti palibe adzaigwire.

Kutatsala masabata 4, wapampando atsimikizire malo ndi chilolezo, zonse zolembedwa, pakuti lonjezo la pakamwa limasintha. Mlembi atumize makalata opempha thandizo sabata yomweyo, chifukwa mabungwe amachedwa kuyankha.

Ine ndimaika mtima kwambiri pa msungichuma. Matikiti onse akhale ndi manambala. Akapereka matikiti 1 mpaka 50 kwa wogulitsa wina, alembe m'kaundula ndipo wolandirayo asaine. Kutatsala masabata 2, ogulitsa onse abweretse ndalama pamodzi ndi matikiti otsala: amene wagulitsa 32 aonetse 18 m'manja. Zikapanda kugwirizana, vuto mwaligwira nthawi ikadalipo. Chiwerengero cha matikiti ogulidwa pofika tsikulo ndicho chikuuzeninso ngati muchepetse mipando ndi chakudya musanalipire.

Sabata yotsiriza musayambenso zatsopano. Woyang'anira malo ayese zokuzira mawu dzulo lake, woyendetsa mwambo ayimbire aliyense wolankhula, ndipo musankhiretu anthu awiri, osakhala pachibale, odzawerengera ndalama limodzi mwambo ukangotha n'kusaina chiwerengerocho onse awiri.