Yeremiya wa m'Chigiriki ndi wamfupi: kodi womasulira anadula?

"Ndamva kuti buku la Yeremiya mu Septuajinti ndi lalifupi kuposa la Chiheberi. Ndiye kuti omasulira m'Chigiriki aja anachotsa mawu a Mulungu?"

Achimwene, kufupikako n'koona, koma mlandu wodula musawapatse msanga omasulirawo. Yeremiya wa mu Septuajinti, Chipangano Chakale chomasuliridwa m'Chigiriki kalekale, amaperewera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 pomuyerekeza ndi malemba a Chiheberi osungidwa ndi alembi achiyuda otchedwa Amasorete, malemba amene Mabaibulo athu a Chichewa amatsata. Mutu 33 vesi 14 mpaka 26, lonjezo lija la mphukira ya Davide, mulibe. Ndondomeko nayonso ndi ina: mauthenga odzudzula Ejipito, Mowabu, Babulo ndi mitundu ina, amene kwa ife ali m'mitu 46 mpaka 51, kumeneko ali pakati pa buku, pambuyo pa 25:13.

Kale ambiri ankaganiza monga inu. Zinasintha ndi zidutswa za mipukutu za m'phanga lachinayi ku Kumrani, pafupi ndi Nyanja Yakufa, lomwe linapezeka mu 1952. Tsegulani mutu 10, pamene mneneri akunyoza mafano. M'Baibulo lanu mavesi 6, 7, 8 ndi 10 amadukiza nkhaniyo, makamaka ndi mawu otamanda Yehova. M'Chigiriki mavesi amenewa mulibe, ndipo vesi 9 lili pakati pa vesi 5. Kachidutswa kotchedwa 4QJer-b, kolembedwa m'Chiheberi Yesu asanabadwe, kamagwirizana ndi Chigirikicho. Kanang'ambika kwambiri, choncho akatswiri amachita kuyeza kutalika kwa mizere. Akayeza, malo okwanira mavesi anayiwo sapezeka. Womasulira uja anali ndi mpukutu wa Chiheberi waufupi patsogolo pake, ndipo anaumasulira mokhulupirika.

Chondichititsa chidwi n'chakuti m'phanga lomwelo munalinso zidutswa zotchedwa 4QJer-a ndi 4QJer-c, zomwe zimatsata Yeremiya wamtali. Mitundu iwiri ya buku limodzi inkasungidwa pamalo amodzi.

Wakale ndi uti? Ine ndili kumbali ya akatswiri ambiri amene amati wamfupiyo. Zoonjezera za wamtali zimaoneka kuti n'za munthu wofuna kumveketsa: m'mutu 28, pamene Chigiriki chimangoti "Yeremiya", Chiheberi chimabwerezabwereza "mneneri Yeremiya", ndipo "atero Yehova" amachuluka m'buku lonse. Mlembi wokopera Malemba saona vuto kufotokozera dzina, koma kufufuta mawu otamanda Mulungu dzanja limamulemera. Bukulo lokha silibisa kuti linakula. 36:32 imati pa mpukutu wachiwiri umene Baruki, mlembi wa Yeremiya, analemba anaonjezerapo mawu ambiri otere.

Musaiyese mfundoyi lamulo la Septuajinti yonse. Yobu wa m'Chigiriki ndi wamfupinso, koma kumeneko ambiri amati womasulira ndiye anafupikitsa ndakatulo zovuta. Ngakhale mu Yeremiya, mipata ina ingakhale ya diso la mlembi limene linalumpha kuchokera pa mawu ena kukagwera pa ofanana nawo m'munsi.