Mzinda wa Pompeii ndi zomwe nyumba zake zimatiuza

"Abale a m'gulu muno, ndinamva kuti ku Italy kuli mzinda womwe unakwiririka ndi phulusa la phiri kalekale, koma nyumba zake zikadalipo mpaka lero. Zinatheka bwanji osapsa zonse? Nanga ofufuza mbiri amapezamonji m'nyumbazo?"

Achemwali, mzindawo ndi Pompeii. Uli kufupi ndi Naples, makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku phiri la Vesuvius, ndipo unakwiririka m'chaka cha 79 AD. Anthu ambiri amaganiza kuti chiphalaphala cha moto ndicho chinayenderera m'misewu n'kumiza mzindawo. Zikanatero sitikanapeza kanthu. Chiphalaphala sichinafike ku Pompeii. Zomwe zinafika ndi zinthu ziwiri zosiyana, chimodzi masana china m'mawa mwake, ndipo chilichonse chinasiya zizindikiro zakezake.

Choyamba chinali miyala. Cha m'masana phiri linaphulika n'kuponya mtambo wa phulusa ndi miyala m'mwamba makilomita pafupifupi 30. Mnyamata wina wa zaka 17, Pliny Wamng'ono, anauona ali ku Misenum, kutsidya kwa nyanja, ndipo patapita zaka analembera Tacitus, wolemba mbiri wa ku Roma, makalata awiri ofotokoza zomwe anaona. Iye anati mtambowo unkaoneka ngati mtengo wa paini wa kumeneko, thunthu lalitali ndi nthambi zoyanga pamwamba. Mphepo ya tsikulo inkawombera kumene kuli Pompeii, choncho timiyala topepuka, ta timabowo timabowo, tinayamba kugwa pa mzindawo ngati matalala osakata. Tinagwa maola pafupifupi 18 mpaka kuunjikana mamita oyandikira 3. Kamwala kamodzi sikangaphe munthu, koma tikachuluka padenga mitanda imathyoka. Madenga anayamba kugwa, zitseko zinatsekeka ndi mulu wa panja. Komabe nthawi yothawa inalipo, ndipo ambiri anathawa. Mzindawo unali ndi anthu mwina 11,000, koma mitembo yomwe yapezeka ndi yoposa pang'ono 1,100, ngakhale kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mzindawo silinafukulidwebe.

Chachiwiri chinabwera m'mawa mwake. Mtambo uja utalemera unagwa n'kutsetsereka m'phiri ngati chimphepo cha mpweya wotentha chosakanikirana ndi phulusa losalala, chothamanga moti munthu sangachithawe. Chimenechi ndicho chinapha onse otsala, ena ali m'zipinda, ena akuyenda pamwamba pa miyala ija kufuna kutuluka mumzinda. Phulusalo linalowa paliponse, linakuta chilichonse, kenako linauma gwaa. Zonse pamodzi zinakwirira mzindawo mamita 4 mpaka 6.

Apa ndiye pagona yankho la funso lanu loyamba lija. Miyala yopepuka inadzaza zipinda n'kuchirikiza makoma kuti asagwe, ndipo inatchinga zojambula za pakhoma ku dzuwa ndi mvula kwa zaka zoposa 1,600. N'chifukwa chake ku Pompeii mupeza zipinda zapansi zili chiimire, utoto wofiira ukadali pakhoma, koma madenga ndi zipinda zam'mwamba zambiri palibe. Phulusa losalala lija linachita china. Thupi la munthu, chitseko cha thabwa kapena muzu wa mtengo zikawola mkati mwake, pamatsala mphako yooneka ndendende ngati chinthucho. M'chaka cha 1863 Giuseppe Fiorelli, yemwe ankayang'anira ntchito yofukula, anayamba kuthira pulasitala wamadzimadzi m'mphakozo, kudikira aume, n'kupala phulusa lozungulira. Chotuluka ndi munthu monga anagonera pomwalira, mpaka makwinya a chovala ndi zingwe za nsapato. Ine zithunzi zimenezi sinditha kuziyang'ana mopepuka, chifukwa mkati mwa pulasitalayo muli mafupa a munthu weniweni. Njira yomweyi anaigwiritsa ntchito wofufuza wina, Wilhelmina Jashemski, pa mphako za mizu, ndipo anaonetsa kuti mkati mwa mpanda wa mzinda munali minda ya mphesa ndi mitengo ya zipatso.

Ku Herculaneum, mzinda woyandikana nawo, zinayenda mosiyana. Miyala yogwa inali yochepa, koma chimphepo chotentha chija chinaukwirira mamita pafupifupi 20, ndipo kutenthako kunasandutsa matabwa kukhala makala m'malo mowola. Kumeneko mabedi, mashelefu, ngakhale kabedi ka mwana wakhanda zinatsala.

Tsopano za nyumba. Ndisankhepo imodzi, ya Lucius Caecilius Iucundus, chifukwa mwini wake timamudziwa ndi dzina ndi ntchito yomwe. Mukalowa pakhomo mumaponda chithunzi cha galu wogona chopangidwa ndi timiyala. Kakhwalala kafupi kamakufikitsani m'chipinda chachikulu chokhala ndi bowo lalikulu padenga. Pansi pa bowolo pali kadziwe kamakona anayi kolandira madzi a mvula. Kutsogolo kwake kuli chipinda chomwe mwini nyumba ankalandirira anthu, ndipo kuseri kwake kuli munda wa maluwa wozunguliridwa ndi nsanamira. Zonsezi anazindandalika pa mzere umodzi, moti munthu woima pamsewu chitseko chili chotsegula ankaona mpaka kumunda. Olemba mbiri amaphunzirapo kuti nyumba ya munthu wolemera wa ku Roma sinali malo obisalamo. Inalinso ofesi yake. M'mawa anthu odalira iye ankabwera kudzalonjera ndi kudzapempha thandizo, ndipo nyumbayo anaimanga kuti iwo aone kukula kwa mwini wake asanayankhule naye n'komwe.

M'chaka cha 1875 ofukula anapeza m'nyumbayi bokosi lomwe linali m'chipinda cham'mwamba, muli timatabwa tolembapo 153 titasanduka makala. Aroma ankapaka phula pa thabwa n'kulembapo ndi kachitsulo kosongoka. Phulalo linasungunuka, koma pomwe kachitsulo kanakanda thabwa zilembo zinatsala. Tambiri ndi malisiti. Iucundus ankasunga ndi kubwereketsa ndalama, makamaka pa malonda a okushoni. Munthu akagulitsa katundu, Iucundus ankamulipira n'kuchotsapo yake, wogulayo n'kudzabweza pambuyo pake, ndipo wogulitsa ankasainira pamaso pa mboni kuti walandira. Kathabwa kakale kwambiri ndi ka m'chaka cha 15, konena za bulu wosabereka wogulitsidwa masesitasi 520, ndalama za Aroma, ndipo dzina lolembedwapo ndi la Caecilius Felix, yemwe ambiri amati anali bambo wake kapena womutsogolera pa ntchitoyo. Malisiti ena amanena za akapolo ogulitsidwa, nsalu, ndi ndalama zomwe ankalipira ku mzinda pa malo ochapira nsalu ndi odyetsera ziweto. Chomwe chimandikoka mtima kwambiri ndi mayina a mboni. Sankawalemba mwachisawawa. Wolemekezeka ankakhala pamwamba, wotsika pansi, choncho poyerekeza malisiti ambiri munthu amatha kuona kuti ndani ankaposa mnzake mumzindamo, kuphatikizapo anthu omwe kale anali akapolo n'kumasulidwa, omwe m'mabuku a olemba a ku Roma sapezekamo kawirikawiri.

Koma taonani chinthu china. Malisitiwo amathera kumayambiriro kwa chaka cha 62, zaka 17 phiri lisanaphulike. M'chaka chimenecho chivomerezi chachikulu chinagwedeza Pompeii. M'nyumba yomweyi, pa kaguwa ka milungu ya pakhomo, panali chosema cha mwala choonetsa kachisi wa mulungu wawo Jupiter wa pabwalo la mzinda atapendekeka ndi chivomerezicho. Kaya Iucundus anafa nthawi imeneyo kapena anangosiya ntchito, bokosilo linali mapepala akale osungidwa kuchipinda cham'mwamba. Munthu wosasamala akanati "nayi bizinesi ya m'chaka cha 79", n'kulakwa ndi zaka zambiri.

Vuto limeneli lili mu mzinda wonse, ndipo ndimadandaula kuti mavidiyo ambiri salitchula. Amakonda kunena kuti moyo unangoima pa tsiku wamba. Silinali tsiku wamba. M'nyumba zambiri mwapezeka milu ya laimu, matailosi oyembekeza kuikidwa, ndi makoma ojambulidwa theka, kusonyeza kuti anthu anali kukonzabe zowonongeka, mwina ndi zivomerezi zina zomwe zinatsatira chachikulu chija. Othawa ananyamula ndalama, zibangili, nyale ndi makiyi, choncho chipinda chopanda kanthu sichitanthauza umphawi. Phulusa litazizira ena anabwera kudzakumba ngalande kutenga zamtengo wapatali, ndipo mabowo awo akuonekabe m'makoma. Ofukula oyamba, kuyambira mu 1748, ankagwirira ntchito mafumu a ku Naples ndipo ankafuna zokongola zokha. Ankadula zojambula pakhoma n'kutaya miphika wamba osalemba pomwe yapezeka. Mu 1943 mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagweranso pa mabwinjawo. Wofufuza wabwino akaona chinthu m'chipinda amayamba wafunsa kuti chagona pa dothi liti: pansi penipeni pa nyumba, mkati mwa miyala, kapena m'phulusa la pamwamba. Cha pansi chinali pomwepo. Cha mkati mwa miyala mwina chinagwa kuchokera m'chipinda cham'mwamba denga litathyoka.

Ngakhale anthu a pulasitala aja tinkawapekera nkhani. M'nyumba ina munapezeka munthu wamkulu wovala chibangili cha golide, mwana ali pamiyendo pake, ndipo kwa zaka zambiri aliyense ankati ndi mayi ndi mwana wake. Mu 2024 atayeza DNA ya m'mafupa anapeza kuti wamkuluyo anali mwamuna, ndipo panalibe ubale wamagazi ndi mwanayo. Tsiku la kuphulika nalonso anthu amatsutsana. Makope a kalata ya Pliny ambiri amati 24 Ogasiti, koma mu 2018 panapezeka mawu olembedwa ndi khala pakhoma otchula 17 Okutobala. Popeza zolemba ndi khala sizichedwa kufufutika, ena amati phiri linaphulika tsikulo litadutsa, pomwe ena akugwirabe Ogasiti.

Ntchito yofukula ya masiku ano ikuyang'ana kwambiri zipinda zomwe akale ankazidumpha. Mu 2021, pa nyumba yaikulu ya ku Civita Giuliana kunja kwa mpanda wa mzinda, anapeza kachipinda ka akapolo ka masikweya mita 16, ka zenera limodzi laling'ono pamwamba, makoma opanda chojambula chilichonse. Pothira pulasitala m'mphako munatuluka mabedi atatu a matabwa ndi zingwe, awiri a akuluakulu, limodzi lalifupi la mamita 1.4, mwina la mwana. M'chipinda chomwecho munali mitsuko yosungiramo zinthu, mphika wodzithandizira usiku, bokosi la zomangira akavalo, ndi mtanda wa ngolo utatsamira pa bedi limodzi. Anthuwo ankagona mosungira katundu wa mbuye wawo.