Kalaliki wanu agwire bwanji manambala osinthana malo?

"Ndikulemba nkhani yaifupi ya mtsikana wongoyamba kumene ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya akaunti. Ndikufuna atulukire kuti manambala awiri asinthana malo ndalama zambiri zisanatumizidwe. Kodi zimaoneka bwanji zenizeni? Sindikufuna azakaunti adzandiseke."

Poyamba, musamupatse maso amatsenga. Munthu akayang'ana K14,750,000 ndi K17,450,000 atatopa, zonse amaziona ngati chimodzi, n'chifukwa chake vocha, chikalata chololeza malipiro, ngakhale ili yolakwika imatha kudutsa m'manja mwa anthu atatu onse n'kusayina. Amene amagwira cholakwa chotere ndi yemwe wapatsidwa ntchito yotopetsa yophatikiza, ndipo ntchitoyo imagwera wamng'ono mu ofesi.

Tiyerekeze kuti kampani yagula matumba 500 a simenti, thumba lililonse K29,500. Invoyisi ikuti K14,750,000, ndipo ndi zoona. Koma amene amalowetsa mu kompyuta anamenya 7 asanamenye 4, vocha n'kutuluka ndi K17,450,000. Ndi Lachisanu la kumathero a mwezi, bwana wamkulu wasayina kale, kwatsala wachiwiri kuti avomereze ku banki. Mtsikana wanu auzidwa kuti amange mapepala mufayilo, koma iye ayambe waphatikiza ma invoyisi onse pa kalikuleta monga anamuphunzitsira. Akupeza K23,180,000, pomwe mndandanda wopita ku banki ukuti K25,880,000. Aphatikizenso kachiwiri, chifukwa wongoyamba kumene amayamba wadzikayikira yekha.

Apa ndiye pamene pali nkhani. Kusiyana kwake ndi K2,700,000. Manambala awiri akasinthana malo, kusiyanako kumagawika ndi 9 popanda chotsala, nthawi zonse. Sakufunikanso kalikuleta kuti adziwe, angophatikiza 2 ndi 7 n'kupeza 9. Akagawa 2,700,000 ndi 9 apeza 300,000, ndipo yankholi likumulozera pofufuza. Ngati osinthanawo ndi oyandikana, 3 uja akutanthauza kuti akusiyana ndi 3, ndipo maziro asanuwo akusonyeza kuti akhala pa malo a 100,000 ndi a miliyoni. Tsopano sakuwerenganso invoyisi iliyonse mzere ndi mzere. Akungoyendetsa chala kufuna manambala osiyana ndi 3, monga 4 ndi 7, 2 ndi 5, kapena 6 ndi 9, pamalo amenewo, mpaka afike pa invoyisi ya simenti ija.

Chenjerani kuti asathamangire kunena kuti 9 watsimikiza zonse. Ziro akawonjezeka kapena kusowa, monga K50,000 m'malo mwa K500,000, kusiyana kwake ndi K450,000, komwenso kumagawika ndi 9. Umboni weniweni uli pa mapepala. Aike pamodzi oda, chikalata cholandirira katundu ndi invoyisi, achulukitse 500 ndi 29,500, aone kuti zonse zikugwirizana kupatula vocha. Musalembenso kuti mabuku anakana kubalansa. Nambala yolakwika ikalowa mbali zonse ziwiri, debiti ndi kirediti, mabuku amabalansa bwinobwino, kompyuta osadandaula kanthu. Olemba ambiri amaphonya pamenepa, ndipo wa akaunti aliyense adzazindikira msanga.

Ine ndikuona kuti mtima wa nkhani yanu uli pa mtunda wochoka pa desiki yake kukafika pa chitseko cha bwana. Wolakwitsayo mwina ndi mayi amene akumuphunzitsa ntchito, wosayinayo ndi amene adzanene ngati alembedwe ntchito yokhazikika. Mwana woleredwa kwathu kuno sangalowe n'kunena kuti "mwalakwitsa". Agogoda, aima chapambali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani bwana, mwina ndine amene sindikumvetsa, koma ndimati mundithandize kuona vocha iyi." Kenako aika mapepala awiriwo moyandikana, chala chili pa 4 ndi 7. Mpatseninso mantha ena: K2,700,000 yopita mopitirira kwa wogulitsa imatha kuoneka ngati mgwirizano wakuba, ndiye akudziwa kuti akalankhula mosasamala aipitsa mbiri ya mnzake amene zala zinangomuterereka.

Pokonza, asafufute ndi inki yoyera kapena kulemba pamwamba. Vochayo imalembedwa mizere iwiri kuti yathetsedwa n'kusungidwa mufayilo, amapanga ina, onse osayina amasayinanso, ndipo malipiro omwe anali pamzere ku banki amachotsedwa n'kulowetsedwa mwatsopano. Ndalamazo zikanapita, kampani ikanayamba kulemba makalata opempha wogulitsa kuti abweze kapena adzadule pa invoyisi yotsatira, ndipo liwiro lake likanadalira mtima wa wogulitsayo.

Ngati mungasankhe kuti osinthanawo akhale a nambala ya akaunti ya ku banki, njira ya 9 yogwiritsa ntchito zophatikiza siithandiza, chifukwa ndalama zonse zimagwirizana. Pamenepo mtsikanayo ayerekeze nambalayo ndi kalata ya wogulitsa imene ili mufayilo, mmodzi akuwerenga mokweza wina akutsatira ndi chala, ndipo akakayika aimbire wogulitsayo pa foni yomwe kampani ikuidziwa kale, osati yolembedwa pa invoyisi yokayikitsayo.